Mwala wofewa m'dzenje la chimbudzi: ndi chisanu chinauswa kapena china?

Mlimi_wa_Chitakale
Abale, ndithandizeni maganizo. Sabata ino takhala tikukumba dzenje la chimbudzi kuseri kwa nyumba yatsopano kuno ku Chitakale. Mita yoyamba ndi theka linali dothi lofiira, katondo weniweni. Kupitirira apo tinafika pa chinthu chooneka ngati mwala ndithu, cha mawangamawanga oyera ndi akuda ngati miyala ya kuphiri, koma khasu likungochidula ngati mbatata yophika, ndipo ukachifinya m'manja chikungofumbutuka. Titafika mamita atatu tinakumana ndi chimwala chobulungira chachikulu ngati diramu, cholimba moti piki inangothetheka moto. Kunja kwake kukusendeka zikhungwazikhungwa ngati anyezi. Mwana wanga wa Fomu 3 akuti ndi chisanu chinachita zimenezi, akuti anaphunzira kuti madzi akaundana m'ming'alu amaswa mwala, ndipo ife tili pansi pa phiri lozizira. Ine ndabadwira konkuno, sindinaonepo madzi ataundana pa Chitakale. Alipo angandimasulire?

Ankolo_Fodya
Chimwala chobulungira ndi cha mumtsinje basi. Kalekale Likhubula kapena Lichenya ankadutsa pamenepo. Mwamanga pa khwawa, achimwene.

Mlimi_wa_Chitakale
Ankolo, pamalopo ndi pachitunda. Komanso mwala wa mumtsinje umakhala wosalala, sukhala ndi zikhungwa.

Mmisiri_wa_Luchenza
Zimenezo timakumana nazo pafupifupi pa maziko aliwonse kuno ku Thyolo. Ife timangoti mwala wowola. Ankolo, a Mlimi akunena zoona: miyala yobwera ndi mtsinje imakhala yambiri pamodzi, yosakanikirana mitundu, ndi mchenga pakatipakati. Uwu umaupeza uli wokha, utazunguliridwa ndi zofumbutuka za mtundu wake womwewo. Sunabwere kuchokera kwina, unabadwira pomwepo.

Mayi_Jogalafe
A Mlimi, mwanayo musamukalipire, wagwira mutu wolondola wa phunziro koma walakwitsa malo. Chisanu chimaswadi miyala. Madzi akaundana amafufuma ndi magawo 9 pa 100 alionse, ndiye akakhala atatsekeredwa mu mng'alu amakankha mbali zonse. Koma kuti zimenezi zitheke pamafunika kuti kuzizira kutsike pansi pa 0, osati pa udzu pokha ayi, koma mkati mwa mng'alu momwemo, ndipo zibwerezeke kambirimbiri. Pansi pa nthaka mamita atatu pa Chitakale kutentha sikusinthasintha kwenikweni, Juni ndi Okutobala n'pafupifupi chimodzimodzi. Chisanu sichinafikeko.

Chimene mwakumbacho ndi ntchito ya madzi a mvula. Mvula ikamalowa m'nthaka imatenga mpweya wa kaboni dayokisaidi umene mizu ndi zinyalala zowola zimatulutsa, ndiye imasanduka asidi wofooka kwambiri, woti simungamumve ndi lilime. Asidi ameneyu ndiye amadya mwala pang'onopang'ono kwa zaka zikwizikwi. Katondo wa pamwambayo, chofewa cha pakaticho ndi chimwala cha pansicho ndi mwala umodzi, kungoti zapsa mosiyana, ngati nkhali ya nyemba imene zina zafewa zina zikadali zolimba.

Fomu4_Chisitu
Madamu, nanga n'chifukwa chiyani chimabulungira? Asidi amadziwa bwanji kupanga mpira?

Mayi_Jogalafe
Funso labwino, mwanawe. Tenga sopo wa mtanda watsopano umusiye m'madzi. Poyamba kutha ndi pati? Pamakona. Mwala wa pansi umakhala ndi ming'alu yopingasana imene imaugawa m'mabokosimabokosi, ndipo madzi amayenda m'ming'alumo. Pakhoma la bokosi madzi amadya mbali imodzi, pamphepete amadya mbali ziwiri, pakona mbali zitatu. Makona amatha msanga, chotsala pakati n'chobulungira. Zikhungwazo ndi pamene kuwolako kwafika: gawo lakunja lasintha, lafufuma pang'ono, lasiyana ndi mtima umene ukadali wolimba.

Wonyamula_wa_Likhubula
Pepani Madamu, koma nkhani ya chisanu musaichepetse. Ine ndanyamula katundu wa alendo paphiripa zaka zoposa khumi. Mu Juni ndi Julayi ukadzuka m'mawa pa Chisepo kapena pa Thuchila udzu umakhala woyera mbee, ukaponda umamveka kuti khirichi khirichi. Madzi otsala m'beseni panja ndinawapezapo atachita kachikhungu ka ayisi pamwamba. Ndiye popita ku Sapitwa kuli miyala ikuluikulu yosweka, yosanjikizana, ina timachita kukwawa pansi pake. Anaswa imeneyo ndani ngati si chisanu?

Ankolo_Fodya
Mizimu. Dzina lomwelo likukuuzani kuti sapitako.

Wonyamula_wa_Likhubula
Ankolo, ife timapitako mwezi ndi mwezi, ndipo timapita mwaulemu. Koma ndikufunsa za miyala.

Wamiyala_Zomba
Ndilowepo pang'ono, popeza miyala ndiyo ntchito yanga, ndipo kwathu ndi ku Thyolo konko.

Achimwene a ku Likhubula, zimene mwaonazo ndi zoona ndipo masamu akukuvomerezani. Munthu akamakwera, kumazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse. Sapitwa ndi mamita 3,002, ndipo boma la Mulanje lili m'munsi ndi mamita oposa 2,000. Ndiye usiku umene pa boma pali madigiri 12, pamwambapo pafika pa 0 kapena kutsikirapo. Chisanu kumtundako chilipo.

Koma taganizani nyengo yake. Chimabwera mu Juni ndi Julayi, usiku wopanda mitambo, kwa maola ochepa m'bandakucha, ndipo dzuwa likangotuluka chapita. Udzu ndi madzi a m'beseni zimazizira msanga chifukwa n'zopyapyala. Thanthwe lalikulu limasunga kutentha kwa masana, ndiye madzi amene ali mkati mwa mng'alu wakuya saundana usiku umodzi. Ofufuza anaona kuti ayisi amaswa bwino mwala pamene kuzizira kwakhazikika pansi pa 0 kwa masiku, ayisiyo n'kumakoka madzi ena m'timabowo ta mwala, kumakula mkatimo n'kumakankha mwalawo. Zimenezo ndi za ku mapiri a Alps, kapena pamwamba pa Kilimanjaro ndi mapiri a Lesotho. Kwathu chisanu chimakwanitsa zazing'ono: kutukula timiyala ndi dothi lonyowa m'mbali mwa njira, kubenthula tizidutswa pa mwala umene unafooka kale.

Zimiyala zikuluzikuluzo nkhani yake ndi ina. Phiri la Mulanje ndi mwala wa sayenaiti ndi giranaiti umene unasungunuka n'kuuma pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo. Unali wopanikizidwa ndi miyala ina pamwamba pake. Miyala ya pamwambayo itakokoloka, katundu anachoka, thanthwe linamasuka n'kung'aluka m'magawo otsata nkhope yake. N'chifukwa chake matanthwe a Chambe amaoneka ngati akusendeka zimapepala zikuluzikulu. Ming'alu imeneyo ndi ina yoimirira ndiyo inagawa mwala m'zidutswa, kenako madzi, mizu ndi kulemera kwa mwala womwewo zinamaliza ntchito.

Wonyamula_wa_Likhubula
Zakusendeka kwa Chambe ndavomera, ndimaziona. Koma kumtunda kwenikweni ilipo ina ya m'mbali mwakuthwa ngati yaswedwa dzulo. Ndipo mlendo wina amene ndinamunyamulira chikwama ankati kalekale dziko lonse linkazizira kuposa lero.

Wamiyala_Zomba
Mlendoyo sananame. Zaka pafupifupi 20,000 zapitazo ngakhale kuno ku Africa kunkazizira kuposa lero ndi madigiri angapo, ndiye chisanu pa Sapitwa chinali ndi mphamvu kuposa chimene mukuchionachi. Ina mwa miyala yakuthwayo ingakhale ya nthawi imeneyo. Koma mwala wogumuka pathanthwe chaka chatha nawonso umakhala wakuthwa, ndiye kuthwa kokha sikumaliza mlandu. Ine ndimaimabe poti gawo lalikulu la miyalayo linagawidwa ndi ming'alu.

Wonyamula_wa_Likhubula
Tsiku lina mubwere mu Julayi tikagone pa Chisepo, mukakhudze nokha. Mwina mudzasintha mawu.

NaPhiri_Bvumbwe
Ine ndimaswa miyala ya kwale m'mbali mwa msewu, ndiye sukulu yanu sindiidziwa, koma manja anga amadziwa. Mwala wabwino ukaumenya ndi hamala umalira kuti ngwee, ndipo ukasweka mkati mwake mumanyezimira. Wowola umangoti phu, kunja kwake kofiirira ngati dzimbiri, ndipo timiyala take toyera timakhala ngati choko, ukakanda ndi chikhadabo timachoka. Wotero omanga odziwa ntchito amaukana. Chimwala chikatikanika timasonkhapo moto ndi zitsa usiku wonse, m'mawa n'kuthirapo madzi ozizira, chimang'aluka chokha. Ndiye ndifunse: dzuwa la Okutobala silichita zomwezo?

Mayi_Jogalafe
A NaPhiri, mwaphunzitsa bwino kuposa buku. Timiyala toyera tofewato tinali felidisipa, mwala wolimba wonyezimira umene ndiwo wochuluka mu sayenaiti. Madzi a asidi aja amauchotsa potaziyamu ndi zina zosungunuka, chotsala ndi dongo loyera, kawolini. Timiyala takuda tija tili ndi chitsulo, ndiye tikakumana ndi madzi ndi mpweya timachita dzimbiri lenileni, longa la pa lata. Kufiira kwa katondo ndi dzimbiri limenelo. Kwatsi, timiyala tooneka ngati galasi, ndi amene amakana kuwola, ndipo ndiye mchenga umene mumauona mu Ruo ndi Likhubula.

Za dzuwa, limathandiza pa thanthwe la pamtetete, kutentha masana kuzizira usiku, koma mphamvu yake ndi yochepa poyerekeza ndi moto wanuwo. Moto wolusa wa kuphiri uja ndiye umabenthula miyala mooneka.

Kwale_Ndi_Ndalama
Mayi NaPhiri, wilibala ya kwale mukugulitsa bwanji masiku ano? Ndikufuna zokwana silabu.

NaPhiri_Bvumbwe
Bwerani pamalo tikambirane, pano tikukamba za dzenje la a Mlimi.

Fomu4_Chisitu
Ine pali pamene pandisokoneza. M'kalasi anati malo otentha ndiye miyala imawola msanga ndi makemikolo, malo ozizira ndiye chisanu. Ndiye bwanji ku Nsanje ndi ku Chikwawa kotentha kuposa kuno sitimva za katondo wakuya ngati wa m'minda ya tiyi?

Wamiyala_Zomba
Apa ndiye wafika pamtima pa nkhani, mng'ono wanga. Kutentha kumafulumizitsadi, ndipo mwachidule amati kukatentha ndi madigiri 10 owonjezera liwiro la kuwolako limatha kuwirikiza kawiri. Koma kutentha kopanda madzi n'chimodzimodzi kusonkhezera moto pansi pa mphika wouma. Amene amagwira ntchito ndi madzi, ndipo madziwo ayenera kudutsa, kunyamula zosungunukazo n'kupita nazo kumtsinje, kuti abwere ena atsopano.

Umboni uli pamwamba pa phiri lomweli. Pa chidikha cha Lichenya, mamita pafupifupi 2,000 m'mwamba, pali bokisaiti, dothi limene amapangira aluminiyamu. Katswiri wa miyala Frank Dixey ndiye anamuzindikira mu 1924. Bokisaiti ndiye mapeto a kuwola kwa mwala: felidisipa wasanduka dongo, dongolo latsukidwanso mpaka silika wake wachoka, chotsala ndi aluminiyamu ndi chitsulo zimene sizisungunuka. Ndiye taonani, malo amene a ku Likhubula akunena kuti kumagwa chisanu ndi omwewo amene makemikolo anagwira ntchito kufika pamapeto penipeni. Chifukwa chake n'chakuti kumeneko mvula imaposa mamilimita 2,000 pachaka, chiperoni chimanyowetsa ngakhale m'chilimwe, madzi amatsika mosavuta kupita kumaphompho, ndipo malowo ndi athyathyathya moti zowolazo zinakhala pomwepo nthawi yaitali osakokoloka.

Tsopano zungulira phiri upite ku chigwa cha Phalombe. Mphepo yonyowa imachokera kummwera chakummawa, imakhuthula mvula mbali ya kuno kwa tiyi, kuseriko imafika itauma. Kumeneko m'zigwa madzi amadikha, sathawa ndi zosungunuka zija, ndiye dongo limene limapangika ndi lina, makande akuda aja omata nthawi ya dzinja n'kung'aluka m'chilimwe. Mtunda wake ndi waufupi, wapanjinga, koma nthaka ndi ziwiri zosiyana. Ku Chigwa cha Shire nakonso mvula ndi yochepa, ndipo nthaka yambiri ya kumeneko ndi yobwera ndi mitsinje, siinawolere pomwepo.

Mphwake_wa_Mimosa
Ndiye chifukwa chake tiyi amakonda kuno eti? Ku esiteti amatiuza kuti tiyi amafuna nthaka ya asidi, pH ya pakati pa 4.5 ndi 5.5, yakuya kuti muzu utsike. Koma chimanga pa nthaka yomweyo popanda feteleza chimangofika m'chiuno.

Wamiyala_Zomba
Ndi zomwezo. Mvula imene inawoletsa mwala mpaka pansi ndi yomweyo inatsuka kashiyamu, maginiziyamu ndi potaziyamu. Nthaka ikhoza kukhala yakuya ndi yofiira mokongola koma ili yosauka. Chonde chake chambiri chili m'zinyalala zowola za pamwamba, ndiye amene amatentha mapesi m'munda wa katondo akudzibera yekha.

Mwana_wa_Muloza
Bokisaiti ameneyo asamukumbe ayi. Madzi athu onse amachokera kumtunda konko, ngakhale a ku Blantyre akumwa a Likhubula.

Ankolo_Fodya
Nanga ntchito achinyamata aipeza kuti? Chuma chili pamwamba, ife njala pansi.

Mwana_wa_Muloza
Ntchito ya zaka zingati, Ankolo, poyerekeza ndi mtsinje?

Mlimi_wa_Chitakale
Abale, za mgodi tiyambitsire nkhani yake padera, apa tingakangane mpaka mawa. Ine ndidakali ndi funso. Pakhomo pa malemu bambo anga pali thanthwe limene kachere anamerapo. Ndili mwana mng'alu wake unkalowa chala chokha, lero ukulowa mwendo, muzu uli mkatimo wonenepa ngati ntchafu. Kumeneko ndiye kuswa mwala kochitidwa ndi zamoyo?

Mayi_Jogalafe
Eya bambo, ndi komweko. Koma muone kuti kachere sanaboole thanthwe losang'aluka. Mbalame inasiya njere pamene panali kale kamng'alu kosunga fumbi ndi chinyezi, muzu unalowa, ndipo chaka chilichonse ukamanenepa umakankha. Chimene anthu ambiri sachiona n'chakuti muzuwo ukugwiranso ntchito ya makemikolo. Umapuma, umatulutsa asidi, masamba ake amawolera momwemo, mng'aluwo suuma. Mpweya wa m'nthaka ya zomera zambiri umakhala ndi kaboni dayokisaidi wochuluka kuposa wa panja kakhumi kapena kuposerapo. Ndiye kuno kwathu kulekanitsa zamoyo ndi makemikolo n'kovuta, zimayenda limodzi. Ana a sukulu amaloweza chisanu, makemikolo ndi zamoyo ngati mitundu itatu yosiyana chifukwa cha mayeso, koma m'dzenje lanu makemikolo ndi zamoyo zinagwirira pamodzi.

Mukapitanso pathanthwepo mukande ndere zouma zija zomata pamwala, zotuwa ndi zachikasu. Pansi pake mupeza mwala wokhakhala, timchenga tikuchoka. Nazonso zimadya mwala, kungoti pang'ono zedi.

Mphwake_wa_Mimosa
Musaiwale chiswe. Chulu cha kumunda kwathu dothi lake ndi losiyana ndi la pamwamba, chimachita kulitenga pansi penipeni, ndipo mauna ake mvula imalowamo ngati paipi.

Chisomo_wa_Nkando
Ine nkhaniyi ikundikumbutsa Freddy. Marichi 2023 tinaona zimiyala zobulungira zazikulu ngati nyumba zitatsika ndi matope. Anthu ankati phiri laphulika, ena ankati Napolo. Kodi ndi zomwezi mukunenazi?

Wamiyala_Zomba
Pepani kwambiri achemwali, ambiri tinataya abale masiku amenewo. Zimagwirizana koma si chinthu chimodzi. Kuwola kwa mwala kumachitika pamalo pomwepo, mwakachetechete. Kugumuka ndi kusamuka kwa zimene zinawola kale. Pamalo otsetsereka pamakhala dothi ndi mwala wowola, ndi zimiyala zobulungira zija mkatimo, zonse zitakhala pamwamba pa thanthwe lolimba losalowa madzi. Mvula ikagwa masiku angapo osaleka, madzi amadzaza pamalire a ziwirizi, zapamwambazo zimalemera n'kutaya pogwira, ndiye zimatsetsereka zonse pamodzi. Zimiyala munazionazo zambiri zinabulungira zili m'nthaka, ngati cha a Mlimi, matope anangozinyamula. Ku Phalombe mu 1991 zinachitikanso motero. Amene ali pansi pa malo otsetsereka aziyang'ana ming'alu yatsopano m'nthaka kumtunda, mitengo yoyamba kupendekeka, ndi kasupe wotuluka mwadzidzidzi ndi madzi amatope pamene panalibe kasupe.

Chisomo_wa_Nkando
Kasupe wamatopeyo tinamuonadi dzulo lake. Sitinadziwe tanthauzo.

Mmisiri_wa_Luchenza
A Mlimi, ndibwerere kwa inu, poti mwanena kuti nyumba ndi yatsopano. Pa chimbudzi vuto ndi lochepa: mwala wowolawo umamwa madzi bwino, koma m'mphepete mwake mumagumuka ukanyowa, ndiye mumange njerwa kuzungulira kuyambira pansi polimba, musangoika silabu pa dothi. Chimwalacho ngati chili pakona chisiyeni, musachikumbe pansi pake munthu ali m'dzenje.

Pamene ndimaopa ine ndi pa maziko a nyumba. Ndinaitanidwapo kukakonza nyumba ina imene khoma linang'aluka kuchokera pawindo kutsika chopingasa. Titakumba tinapeza kuti amene anamanga anakumana ndi chimwala chotere n'kusangalala kuti wapeza thanthwe. Kona imodzi inakhala pamwala wosasuntha, khoma lotsalalo pa chofewa chija. Chofewacho chinatitimira pang'ono ndi kulemera kwa nyumba, mwala sunatitimire, khoma linathyokera pamalirepo. Mukapeza mwala pa maziko, kumbani m'mbali mwake kapena khomani chitsulo mamita awiri kuchokera pamenepo. Chitsulo chikalowa, dziwani kuti ndi chimwala choyandama, si thanthwe.

Mlimi_wa_Chitakale
Apa mwandiopsa, amisiri. Pokumba maziko anyamata anakumanadi ndi mwala kukona ya kuchipinda, tinangomangapo.

Mmisiri_wa_Luchenza
Musathamange mtima. Munathira konkire ya zitsulo pansi?

Mlimi_wa_Chitakale
Konkire inde, zitsulo ayi.

Mmisiri_wa_Luchenza
Ndiye madzi a padenga asamagwere pafupi ndi kona imeneyo, muwakumbire ngalande apite kutali, chifukwa chofewacho chimatitimira kwambiri chikanyowa. Mukaona kamng'alu, matanipo kasimenti kopyapyala mulembe tsiku. Kakang'aluka dzinja lisanathe, nyumba ikuyendabe, muitane munthu adzaone.

Fomu4_Chisitu
Madamu, ndiye pa mayeso akafunsa za Mulanje ndilembe chiyani, chisanu kapena makemikolo?

Mayi_Jogalafe
Lemba makemikolo, upereke chifukwa: kutentha, mvula yambiri, zomera zambiri, ndipo utchule katondo wakuya ndi bokisaiti wa pa Lichenya. Chisanu uchitchule kuti n'cha pamwamba pa phiri pokha, miyezi yozizira.

Wonyamula_wa_Likhubula
Koma uchitchule ndithu, mwana iwe. A Wamiyala sanagonepo pa Chisepo mu Julayi.

Mlimi_wa_Chitakale
Ndamuonetsa mwana wanga zonsezi, watsikira m'dzenje ndi thumba la shuga, watenga katondo, chofewa chija ndi chikhungwa chimodzi cha chimwala, akuti apita nazo kusukulu Lolemba. Amisiri, ngalande ija ndiyambe kukumba mbali ya kumtunda kapena ya kumunsi?